Botolo latsopano pa chithunzi chakale: mthunzi wake ugwere kuti, ndipo ufewe motani?

Yang'anani mapositala otsatsa malonda omwe amazungulira pa WhatsApp kapena omatidwa pa zipupa za m'tauni. Pa ambiri mwa iwo mupezapo botolo la juwisi, la mafuta odzola kapena la uchi litaima pa tebulo lokongola, koma likuoneka ngati silikugunda tebulolo. Zilembo zili bwino, mitundu ikuwala, m'mphepete mwa botolo adadula mwaukhondo, komabe maso akukana. Munthu wamba amangoti, "Ichi n'chomata." Mukamufunsa chomwe wadziwira sangakuuzeni. Kawirikawiri chamuuza ndi mthunzi.

Ntchito yake imayamba motere. Mayi wopanga juwisi wa malambe akufuna positala. Wokonza zithunzi ali ndi chithunzi chabwino cha tebulo la matabwa pa khonde, pomwe pali kapu, mbale ndi botolo la chakumwa china. Achotse botolo limenelo, aikepo la mayiyo. Kudula ndi kumata n'kwa mphindi zochepa pa Photoshop, pa GIMP yomwe ndi yaulere, kapena pa Photopea yomwe imatsekuka pa intaneti. Chomwe chimadya nthawi ndi mthunzi, ndipo ambiri amathawira pa batani la `Drop Shadow`.

Batani limeneli si loipa, koma si la ntchito iyi. Limatenga maonekedwe a chinthu, n'kuwadetsa, n'kuwasunthira pambali pang'ono kumbuyo kwake, ndipo kufewa kwa m'mphepete kumakhala kofanana ponseponse. Umenewo ndi mthunzi wa pepala loyandama pamwamba pa pepala lina. Botolo loima pa tebulo silitero. Mthunzi wake umayambira pomwe botolo lakhudza thabwa, n'kugona pa tebulo kulowera mbali imodzi. Mukaika `Drop Shadow` mwauza maso a woona kuti botololo n'lathyathyathya ndipo lili m'malere, zomwe ndi zija mumafuna kubisa.

Choncho wokonza waluso asanagwire chida chilichonse amayamba wawerenga chithunzicho. Kuwala komwe kudaunikira tebulolo tsiku lojambula kudasiya mapazi: mthunzi wa kapu, wa mbale, ngakhale wa kanyenyeswa ka buledi. Kumene mthunzi watsopano ulowere, kutalika kwake, kufewa kwake ndi mtundu wake, zonse zalembedwa kale m'mithunzi imeneyi. Palibe chongopeka. Ntchito ndi kuyeza.

Tiyambe ndi kumene ulowere. Tsekulani leya yatsopano, yomwe pa sikirini imatchedwa `Layer`; ili ngati pulasitiki yoonekera yomwe mwayala pamwamba pa chithunzi kuti mulembepo osachiwononga. Pa leya imeneyi jambulani mzere wowongoka kuchokera pa nsonga ya mthunzi wa kapu kudutsa pakamwa pa kapuyo, pamalo omwe adabereka nsongayo. Chitani chimodzimodzi ndi mbale, ndi china chilichonse chomwe mthunzi wake ukuoneka bwino. Ngati kuwala kudachokera pamalo amodzi, mizere yonseyi mukaitalikitsa ikumana pa mfundo imodzi. Dzuwa likakhala kutsogolo kwa kamera mfundoyo imakhala m'mwamba, nthawi zambiri kunja kwa chithunzi. Likakhala kumbuyo kwa wojambula, mizere imakumanira m'munsi, kumbali komwe mithunzi yaloza. Likakhala pambali penipeni mizere imayenda moyandikana, ngati siidzakumana. Mzere wochokera pa mfundo imeneyi kudutsa pa chivindikiro cha botolo latsopano ndi umene ukuuzeni pomwe nsonga ya mthunzi wake igwere.

Wina angafunse kuti bwanji osangoyang'ana ndi maso. Vuto n'lakuti pa nkhani ya mithunzi maso amanamizika msanga. Mithunzi ya dzuwa pa bwalo imalowera mbali imodzi ndithu, koma pa chithunzi siioneka choncho, chifukwa kamera imachepetsa zinthu zakutali. Mthunzi wa chinthu chakumanzere ungathe kupendekera kwina, wa chakumanja kwina, pomwe palibe amene wakhudza chithunzicho. Nkhani yotchuka ndi ya chithunzi cha Lee Harvey Oswald, yemwe adaimbidwa mlandu wopha Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America mu 1963. Pa chithunzicho Oswald waima kuseri kwa nyumba atanyamula mfuti, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati n'chopeka chifukwa mthunzi wa mphuno yake ndi wa thupi lake pansi zinkaoneka zosagwirizana. Mu 2009 Hany Farid, katswiri wofufuza zithunzi zachinyengo yemwe nthawiyo anali pa koleji ya Dartmouth, adaumba mutu ndi thupi pa kompyuta, n'kupeza kuti dzuwa limodzi lomwelo likhoza kubereka mithunzi yonse iwiri. Mizere yomwe ofufuza otere amagwirira akuba ndi yomweyo imene wokonza positala ayenera kujambula.

Tsopano tione manambala a tebulo lathu. Tinene kuti dzuwa lili kumanzere, ndipo mithunzi yagona molunjika kumanja. Kapu ndi yaitali masentimita 10, ndipo pa chithunzi yatenga mapikiselo 400, omwe ndi timadontho topanga chithunzi pa sikirini. Mthunzi wake kuchokera pa tsinde mpaka pa nsonga ndi mapikiselo 680. Gawani 680 ndi 400, mupeza 1.7. Ndiye kuti pa tebulo limeneli chilichonse choima chili ndi mthunzi wotalika ka 1.7 kuposa msinkhu wake, zomwe zimachitika dzuwa likakwera madigiri pafupifupi 30 kuchokera pansi. Likadakhala pa madigiri 45 mthunzi ukadafanana ndi msinkhu, pa madigiri 60 ukadangopitirira theka pang'ono. Botolo la malambe ndi la masentimita 24, choncho likaima moyandikana ndi kapu liyenera kukhala mapikiselo 960, ndipo mthunzi wake ufike mapikiselo pafupifupi 1,630. Kuwerengera kumeneku kumagwira ngati botolo ndi kapu zili pa mtunda wofanana kuchokera pa kamera. Botolo likakhala kutsogolo kwambiri kapena kumbuyo kwambiri, khulupirirani mizere ija kuposa kuchulukitsa.

Kupanga mthunziwo sikovuta. Koperani botolo lodulidwalo pa leya ina pansi pake, lidzazeni ndi mtundu umodzi wakuda, kenako dinani `Ctrl+T` ndi kusankha `Distort`. Kokani mutu wake kuti ugone pa tebulo mpaka nsonga ifike pomwe mwayeza. Tsinde lisasunthe. Apa mpomwe ambiri amaphonya: tsinde la botolo ndi lozungulira, ndipo mthunzi umachokera m'mbali ziwiri za bwalo limenelo, pomwe kuwala kukulipsepseza. Mukasiya kampata ka mapikiselo atatu okha pakati pa botolo ndi mthunzi, botolo lanyamuka. Ngati mthunzi wafika kumapeto kwa tebulo, umathera pompo, chifukwa kupitirira pamenepo palibe poti ugwere. Ukakumana ndi khoma umapindika n'kukwera. Ukakumana ndi mbale umakwera pa mbaleyo motsatira maonekedwe ake, ndipo gawo limenelo mulijambula ndi dzanja.

Kufewa ndiye pamene pali nkhani, ndipo ndi pamene ntchito ya katswiri imasiyana ndi ya wophunzira. Ambiri amaganiza kuti kuwala kwamphamvu kumabereka mthunzi wakuthwa, kuwala kofooka n'kubereka wofewa. Sizili choncho. Chimene chimalamula ndi kukula kwa chounikiracho monga chikuonekera kuchokera pomwe pali botolo. Tochi ya foni ndi yofooka koma ndi kadontho, ndipo mthunzi wake ndi wakuthwa. Thambo la mitambo ndi nyali yaikulu yofika mbali zonse, ndipo pansi pake mithunzi imasowa. Chifukwa chake n'chakuti m'mphepete mwa mthunzi muli kadera komwe botolo latchinga mbali imodzi yokha ya chounikira, mbali ina ikuwalabe. Chounikira chikakula kaderako kamakulanso.

Pali chinthu chachiwiri, ndipo ichi `Drop Shadow` sichidziwa n'komwe. Kadera kofewako kamakula malinga ndi mtunda pakati pa chinthu ndi pomwe mthunzi wake wagwera. Tsinde la botolo lili pa tebulo pomwepo, choncho mthunzi wa pamenepo ndi wakuthwa. Chivindikiro chili kutali ndi tebulo, choncho mthunzi wake ndi wofewa kuposa pena paliponse. Mthunzi weniweni umayamba wakuthwa n'kumafewa pang'onopang'ono. Ukafewa mofanana kuyambira pa tsinde mpaka ku nsonga, adaupanga ndi munthu.

Dzuwa, ngakhale n'lalikulu, lili kutali moti kumwamba limangotenga theka la digiri. Zotsatira zake n'zakuti pa mita iliyonse ya mtunda, mphepete mwa mthunzi mumafewa pafupifupi sentimita imodzi. Pa botolo lathu, kuchokera pa chivindikiro kutsika ndi cheza cha dzuwa mpaka pa tebulo ndi masentimita 48. Kufewa kwa m'mbali mwa nsonga ndiye kuli pakati pa mamilimita 4 ndi 5 basi. Popeza pa chithunzichi milimita imodzi ndi mapikiselo 4, tikunena za mapikiselo pafupifupi 18. Nambala yomwe mumalemba mu `Gaussian Blur` imabereka kufewa kotambalala katatu kapena kupitirira apo, choncho yambani ndi 6 ku nsonga, 3 pakati, ndi 1 kapena theka pa tsinde. Awa ndi manambala aang'ono kwambiri poyerekeza ndi 30 kapena 40 omwe ambiri amathira poopa kuti mthunzi wakuthwa uoneka wabodza. Pa dzuwa la masana mthunzi wakuthwa ndiye woona.

Tengani tebulo lomwelo mulilowetse m'nyumba, mamita 2 kuchokera pa zenera lotambalala mita imodzi, dzuwa lisakulowa mwachindunji. Tsopano chounikira ndi zenera lonse. Pa sentimita iliyonse ya mtunda kuchokera pa botolo, mthunzi ukufewa theka la sentimita. Pa mtunda uja wa masentimita 48 kufewa kwafika masentimita 24, pomwe botololo n'lonenepa masentimita 7 okha. Mthunzi wa chivindikiro simuuonanso, wasungunuka. Mdima weniweni, komwe zenera lonse latchingika, umatha pa masentimita pafupifupi 14 kuchokera pa botolo, ndipo umanka nuwonda ngati nsonga ya mkondo. Kupitirira apo pamangokhala kuderako kotambalala. Botolo limodzi, tebulo limodzi, koma mithunzi iwiri yosafanana m'pang'ono pomwe. Nchifukwa chake palibe nambala imodzi ya kufewa yomwe munthu angaloweze pamtima. Kuzani chithunzi pa mthunzi wa kapu, muone mapikiselo omwe ukutenga kuchoka pakuwala kufika pakuda, pa tsinde ndi pa nsonga, ndipo botolo lanu litsatire zimenezo. Pa mtunda wofanana kuchokera pa tsinde, mthunzi wa botolo ndi wa kapu zifewe mofanana.

Kuti kufewa kuzikula motere, njira yosavuta ndi kukopera leya ya mthunzi katatu. Yoyamba muifewetse pang'ono, yachiwiri pakatikati, yachitatu kwambiri. Iliyonse muiikire `Layer Mask`, ndipo ndi chida cha `Gradient` muonetse yakuthwa pafupi ndi tsinde, yapakati pakati, yofewa ku nsonga, zikulowana popanda malire. Amene ali ndi Photoshop yatsopano angagwiritse ntchito `Field Blur`, yomwe imalola kubaya mfundo zingapo pa leya imodzi, iliyonse ndi nambala yake.

Mtundu wa mthunzi nawo umayezedwa. Mthunzi si utoto wakuda wopakidwa pa thabwa. Ndi thabwa lomwelo, kungoti dzuwa silikufikapo, ndipo likuunikiridwa ndi zotsala: thambo, khoma, dothi. Panja thambo ndi lobiriwira, motero mithunzi ya dzuwa imapendekera ku mtundu umenewo. Pafupi ndi khoma la njerwa zootcha imatengako kufiira. Tengani chida cha `Eyedropper` mudine pa thabwa pomwe pali dzuwa, kenako mkati mwa mthunzi wa kapu. Kompyuta imapereka manambala atatu, `R`, `G` ndi `B`, lililonse kuyambira 0 mpaka 255. Tinene kuti padzuwa mwapeza 200, 160, 120, ndipo mumthunzi 90, 76, 66. Gawani nambala iliyonse ya mumthunzi ndi inzake ya padzuwa, n'kuchulukitsa ndi 255. Mupeza 115, 121, 140. Dzazani mthunzi wanu ndi mtundu umenewu, leya muiike pa `Multiply`, ndipo `Opacity` ikhale 100. Popeza `Multiply` imachulukitsa manambala a leya ndi a chithunzi chapansi, thabwa lidera ndendende monga laderera pansi pa kapu, mizere yake ikuonekabe. Taonani kuti nambala ya `B` yatuluka yaikulu kuposa zinzake. Limenelo ndi thambo lija. Amene amangothira mtundu wakuda n'kutsitsa `Opacity` amapeza mthunzi wotuwa ngati litsiro.

Chenjezo limodzi apa: mthunzi watsopano ukadutsana ndi wa kapu, pomwe akumana pasade kawiri. Dzuwa ndi limodzi, ndipo malo omwe latchingidwa kale sangatchingidwenso. `Multiply` sidziwa zimenezi, imangochulukitsa. Fufutani gawo lodutsanalo pa `Layer Mask`. Kuda kawiri kumakhala koona pokhapokha ngati mithunziyo yachokera ku nyali ziwiri zosiyana.

Patsala kamthunzi kakang'ono komwe, kwa ine, kamagwira ntchito yoposa mthunzi waukulu uja. Pomwe tsinde la botolo lakhudza tebulo pamakhala kamzere kakuda bii, chifukwa mu kampata kameneko kuwala sikulowa kuchokera mbali iliyonse. Kamakhalapo ngakhale tsiku la mitambo pomwe mthunzi wautali palibe. Kajambuleni pa leya yakeyake ndi burashi yaing'ono, motsatira kupindika kwa tsinde, mapikiselo awiri kapena anayi m'lifupi, ndipo kunja kwake muikeko kuderako kofewa kozungulira tsinde. Zimitsani leya imeneyi n'kuiyatsanso, muona botolo likunyamuka n'kutera.

Botolo lili ndi vuto lake lomwe bokosi la sopo lilibe: kuwala kumatha kulidutsa. Juwisi wa malambe ndi wokhuthara, choncho mthunzi wake ndi wodzaza, kupatula kukhosi komwe kulibe kanthu, komwe uyenera kupepukirako. Likadakhala botolo la madzi kapena la mafuta ophikira zikadasintha. Madzi m'botolo lozungulira amasonkhanitsa kuwala, ndipo mkati mwa mthunzi mumatuluka kachigamba kowala, koyera ngati ndi madzi, kachikasu ngati ndi mafuta, pomwe m'mbali mwa mthunziwo ndi mwakuda. Kachigamba kameneka kamajambulidwa pa leya ya `Screen`. Mukakaiwala, botolo la madzi limakhala ndi mthunzi wa chipika.

Nanga mthunzi wa botolo lakale? Musathamangire kuufufuta. Ngati botolo latsopano likufanana nalo msinkhu ndi kunenepa, mthunzi wakalewo ndi mphatso, chifukwa mbali, kufewa ndi mtundu zonse n'zenizeni. Usungeni, mungokonza nsonga ngati khosi ndi losiyana. Koma ngati lakale linali lalitali lowonda pomwe latsopano ndi lalifupi lonenepa, ufufuteni wonse ndi `Clone Stamp`, kuphatikizapo kuderako kofewa kwa m'mbali mwake, komwe kamakonda kutsalira n'kuoneka ngati banga.

Sitika ndi nkhani ina. Nthawi zina botolo limakhala lomwelo, chomwe chikusintha ndi chomata chokha, mwina chifukwa dzina kapena mtengo wasintha. Sitika ndi yopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo yamatirira pa botolo. Pa chithunzi chathu kukhuthala kumeneko sikukwana pikiselo imodzi. Mthunzi wake, ngati ulipo, ndi kamzere ka pikiselo imodzi kumbali yosiyana ndi kochokera kuwala, kumanja ndi m'munsi pang'ono, ndipo mbali inayo kulibe kalikonse. Apa pokha `Drop Shadow` ingagwire ntchito, `Distance` pa 1, `Size` pa 1 kapena 2, ndi `Angle` yolozetsedwa kochokera kuwala. Mukakweza manambalawa sitika imachoka pa botolo. Pokhapo pomwe ngodya yamatuka mpomwe mthunzi umatambalala n'kufewa, mwa lamulo lomwe lija la mtunda.

Ntchito yeniyeni ya sitika si mthunzi womwe imaponya, koma womwe imalandira. Botolo ndi lozungulira. Kumanzere komwe kuli dzuwa n'kowala, ndipo limanka lideradera polowera kumanja. Sitika yochokera pa kompyuta imawala mofanana ponseponse. Mukatha kuipinda ndi `Warp` kuti itsatire kuzungulira kwa botolo, muyenera kuibwezera kuderako kumeneku. Ngati sitika yakale inali ndi dera loyera lodutsa kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, yezani manambala ake kumanzere, pakati ndi kumanja, ndipo mupange `Gradient` ya manambala omwewo pa leya ya `Multiply` pamwamba pa yatsopano. Ngati panali mzere wonyezimira wotsika ndi botolo, upitirire pa sitika yatsopano pamalo omwewo, wakuthwa ngati pepala ndi lonyezimira, wofalikira ngati si lonyezimira.

Mukamaliza, chepetsani chithunzi chifike kukula komwe chidzaonekere pa foni, chifukwa botolo loyandama limaonekera msanga chithunzi chikakhala chaching'ono. Kenako chikuzeni muone timadontho ta kamera. Chithunzi cha foni chimakhala ndi timadontho tosakhazikika, makamaka m'malo amdima, ndipo m'dera lomwe mwafufuta kapena kupaka timasowa. `Add Noise` pang'ono, 1 kapena 2, imatibwezeretsa.

Pali malire omwe mthunzi wabwino sungadumphe. Botolo latsopano lidabwera ndi kuwala kwake kwa tsiku lomwe lidajambulidwa. Ngati likunyezimira kumanja pomwe dzuwa la pa tebulo lili kumanzere, mthunzi ungakhale wolondola motani, botolo ndi mthunzi wake zizitsutsana. Kulitembenuza ndi `Flip Horizontal` kumakonza kunyezimira koma kumatembenuzanso zilembo, ndiye muyenera kudula sitika n'kuimatanso payokha. Ngati lidajambulidwa ndi fulashi m'chipinda cha mdima, kapena kamera ili pamwamba pomwe tebulo lidajambulidwa cha m'mbali, musavutike nalo. Pemphani botolo lenileni kwa mwini wake. Liimikeni pa pepala loyera panja, dzuwa lili kumanzere, pa nthawi yomwe mthunzi wake watalika ka 1.7 kuposa msinkhu wake, masentimita pafupifupi 41. Kuno kwathu dzuwa limakwera msanga, ndipo ku Lilongwe cha kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale limadutsa pamutu penipeni masana, moti botolo limaimirira pa mthunzi wake womwe. Choncho nthawi yoyenera ndi m'mawa cha m'ma 8 koloko kapena madzulo cha m'ma 3 kapena 4 koloko, ndipo rula ndi yomwe ikuuzeni kuti yakwana. Kamera ikhale pa msinkhu womwe idali pojambula tebulo. Pa kompyuta dulani botolo pa leya yake, ndipo leya ya pepala ndi mthunzi wake muiyeretse ndi `Levels` mpaka pepalalo lifike 255, kenako muiike pa `Multiply`. Pepala lisowa, mthunzi utsala pa thabwa, ndipo chotsala kwa inu ndi kufananiza kuda kwake ndi kwa mthunzi wa kapu.